Dzira lonse, chachikasu, choyera kapena mkaka: tipake chiyani pa mabanzi ndi mapayi?

Funso: Ndimaphika mabanzi ndi mapayi a nyama kunyumba kwathu ku Chilomoni, n'kumakagulitsa kwa anthu a m'maofesi m'tauni muno. Zonse ndimazipaka dzira lathunthu ndisanaike mu uvuni. Koma mabanzi amatuluka ndi mawanga, ena amada pamwamba m'kati musanapse, pomwe mapayi amangotuwa. Mnzanga akuti ndizipaka mkaka wokha, wina akuti chachikasu cha dzira chokha. Kusiyana kwake kuli pati? Mazira nawo akwera mtengo, sindifuna kuwononga.

Yankho: Mayi, anzanu onse awiriwo akunena zoona, kungoti wina akunena za mabanzi, wina za mapayi. Chopaka chimodzi sichingakomere zinthu zonse ziwiri, chifukwa fulawa wa mabanzi muli shuga wambiri ndipo amafiira yekha msanga, pomwe wa mapayi mulibe shuga kapena alimo pang'ono chabe. Mabanzi amafuna chopaka chopepuka, mapayi amafuna champhamvu. Mukamvetsa chimene chili m'choyera, m'chachikasu ndi mu mkaka, mudzitha kusankha nokha ngakhale pa chinthu chimene simunaphikepo.

Dzira lalikulu la m'sitolo mukaliswa limalemera pafupifupi magalamu 50 popanda chikhokhombe. Choyera chimatenga magalamu 32 kapena 33, chachikasu magalamu 17 kapena 18. Choyera ndi madzi pafupifupi chonse: pa magawo 10, magawo 9 ndi madzi, gawo limodzi ndi mapuloteni, mafuta mulibe. Chikalowa mu uvuni madziwo amauma, mapuloteni aja n'kugwirana kukhala kachikopa kopyapyala, kowala, kolimbirako. N'chifukwa chake choyera chimapereka kunyezimira koma mtundu wochepa. Banzi lopakidwa choyera chokha limatuluka lowala, lofiirira pang'ono, khungu lake louma ndi lokhirichika likadali latsopano.

Chachikasu ndi china. Theka lake ndi madzi, gawo limodzi mwa magawo atatu ndi mafuta, chotsalacho makamaka ndi mapuloteni. Popeza madzi ndi ochepa, chimauma msanga n'kuyamba kufiira msanga, ndipo chimabwera kale ndi mtundu wake. Mafuta akewo amachititsa kuti khungu likhale lofewa ndi losalala. Chachikasu ndiye mwini wa mtundu wagolide wakuya umene mumauona pa mapayi a m'mabekale. Koma ndi chomwechonso chimene chimada mofulumira kuposa zonse moto wa pamwamba ukachuluka.

Mkaka uli ndi madzi ochuluka ngati choyera, koma uli ndi chinthu chimene dzira lili nacho chochepa kwambiri, ndicho shuga, pafupifupi magalamu 5 pa mamililita 100. Kufiira kwa buledi kumabwera pamene shuga ndi mapuloteni akumana pa malo ouma ndi otentha, ndipo kumayamba kuoneka bwino khungu likafika pa madigiri 140 kupita m'mwamba. Amene anayamba kufotokoza zimenezi ndi katswiri wa ku France, Louis-Camille Maillard, mu 1912. Mkaka uli ndi zonse ziwiri, shuga ndi mapuloteni, choncho umafiiritsa bwino. Chimene ulibe ndi mapuloteni okwanira kupanga kachikopa kowala. Ndiye banzi lopakidwa mkaka limatuluka lofiirira mofanana, lofewa, koma losanyezimira. Dzira lathunthu limaima pakati: mtundu pang'ono kuchokera ku chachikasu, kuwala pang'ono kuchokera ku choyera.

Tsopano tibwere pa mabanzi anuwo. Mavuto mwatchula awiri, ndipo magwero ake ndi osiyana.

Mawanga kawirikawiri amabwera chifukwa dzira silinasakanizike. Choyera chimakhala chonanda, ndipo mukangomenya ndi foloko kangapo, m'mbale mumatsalabe timizere ta choyera tosasungunuka. Bulashi ikatola, pena pamagwa choyera chokha, pena chachikasu chokha. Pamene pagwa chachikasu pamada, pamene pagwa choyera pamawala koma potuwa. Mankhwala ake ndi mchere ndi sefa. Swerani dzira m'kapu, thiranimo mchere wongotsina ndi zala ziwiri, ndi supuni yaikulu imodzi ya mkaka, ndiye kuti mamililita 15. Menyani mpaka mukakweza foloko, dziralo lizitsika ngati madzi, osakoka ulusi. Lisiyeni mphindi 10 kapena 15. Mcherewo umamasula choyera chija, ndipo mudzaona kuti dzira lasungunuka, mtundu wake waderako pang'ono. Kenako lisefeni ndi kasefa ka tiyi. Pa sefa padzatsala timinyewa tiwiri toyera timene timagwira chachikasu pakati pa dzira, ndi thovu. Thovulo musalipake, chifukwa likauma limasiya timabowo pa khungu. Ntchito ya kusefayi ambiri amaidumpha, koma kwa ine ndiyo imasiyanitsa banzi la m'nyumba ndi la m'bekale kuposa china chilichonse.

Mawanga ena ndi a kapakidwe. Dzira likachuluka pa bulashi limatsetserekera m'munsi, n'kudikha mozungulira banzi pa thireyi. Pamenepo limapsa ngati dzira lokazinga, limapanga mkombero wakuda, n'kumatirira banzi ku thireyi. Mukamazula, pansi pamang'ambika. Viikani nsonga yokha ya bulashi, pukutani mbali imodzi pa mlomo wa kapu, yambani pakati pa banzi kupita m'mbali, ndipo lekezani pamene banzi layamba kupendekera pansi. Pamwamba pazingooneka ponyowa, osati podontha. Dzira limodzi lokonzedwa motere limakwana mabanzi 20 mpaka 25 a kukula kwa chibakera. Ngati dzira limodzi likukutherani pa mabanzi 10, mukupaka mowirikiza kawiri kuposa mmene zifunikira, ndipo mwina ndi pamene ndalama zanu za mazira zikupita.

Dzanja lipepuke. Banzi limene lafufuma mokwanira ladzaza mpweya ndipo khungu lake ndi lopyapyala. Bulashi yolimba, kapena yakale imene dzira linaumiramo, imaliboola, ndipo limatuluka mu uvuni lili ndi makwinya. Pakani mabanzi atatsala pang'ono kufika pachimake, pamene mukadina ndi chala dzenje likubwerera pang'onopang'ono, ndipo uvuni ikhale itatentha kale. Ngati afufuma mopitirira, moti akugwedera mukakhudza thireyi, ndi bwino osawapakanso dzira. Alowe choncho, mudzawapake majarini akatuluka.

Kuda pamwamba m'kati musanapse ndi nkhani ya shuga ndi moto. Mabanzi ogulitsa ambiri amakhala ndi shuga magalamu 100 mpaka 150 pa kilogalamu imodzi ya fulawa, ndipo ena amakandira mkaka. Fulawa wotere amafiira yekha ngakhale osapaka kanthu. Mukaonjezera dzira losasungunula pamwamba pake, n'kuika pa madigiri 220 kapena kufupi ndi waya wa pamwamba, khungu limamaliza kupsa pa mphindi 8 pomwe m'kati mukufunika mphindi 15 kapena 18. Tsitsani moto ufike pa madigiri 180 kapena 190, thireyi ikhale pakati pa uvuni. Ngati akudabe, sungunulani dzira ndi masupuni awiri a madzi m'malo mwa mkaka, chifukwa mkaka ukuonjezera shuga pa chinthu chimene shuga wachuluka kale. Zikakanika ndithu, siyani dzira, pakani mkaka wokha mopyapyala monga ananenera mnzanuyo, kuwala mudzakupeze mwa njira ina imene nditchule kutsogoloku.

Mmene mungadziwire kuti vuto ndi chopaka kapena uvuni, tembenuzani banzi. Ngati pansi ndi pofiirira bwino koma pamwamba pakuda, vuto ndi chopaka kapena moto wa pamwamba. Ngati pansi ndi pamwamba ponse pada koma m'kati muli phala, uvuni yonse yatenthetsa. Ngati pakuda ndi mbali imodzi ya thireyi yokha, uvuni yanu ili ndi ngodya yotentha, ndiye muzitembenuza thireyi mphindi 10 zikakwana. Manambala a pa chotembenuzira cha uvuni musawakhulupirire kotheratu, makamaka pa makuka akale. Kathemometa ka mu uvuni kamathetsa mkangano umenewu.

Mapayi ndiwo ofunika kuwaganizira mofatsa, chifukwa apa dzira limagwira ntchito ziwiri zosiyana, kumata ndi kukongoletsa, ndipo gawo lililonse la dzira lili ndi ntchito yake. Tiyerekeze kuti mukupanga mapayi 24 a kukula kwa chikhatho.

Tengani mazira awiri, mulekanitse. Zachikasu ziwirizo zipite m'kapu imodzi, muthiremo masupuni aakulu awiri a mkaka ndi kamchere, musakanize, musefe. Zoyera ziwirizo zipite m'kapu ina, muthiremo supuni yaing'ono ya madzi, mumenye pang'ono kuti zisungunuke koma zisachite thovu. Mukadula fulawa ndi kuikapo nyama, pakani choyera m'mphepete mwa mbali imodzi, mzere wa kukula kwa chala, pindani, tsinani ndi foloko. Choyera chimayamba kugwira pa madigiri 62 mpaka 65, ndiye kuti chimamata m'mphepetemo msuzi wa nyama usanawire n'kuyamba kufuna potulukira. Nyamayo ikhale yozizira ndi yosadontha msuzi. Nyama yotentha imasungunula majarini wa mu fulawa payi isanalowe mu uvuni, ndipo chopaka chilichonse pa fulawa wamafuta oyandama chimangoterera n'kusonkhana timadontho.

Mapayi akatsekedwa, sasani fulawa wouma amene watsala pamwamba ndi bulashi youma. Fulawa woumayu ndi chifukwa chimodzi chachikulu cha kutuwa, popeza amamwa dzira n'kupanga phala loyera m'malo mwa khungu lowala. Ndiye pakani dzira mopyapyala, ikani thireyi mufiriji mphindi 10 kapena 15, mutulutse, mupakenso kachiwiri. Kupaka koyamba kumauma n'kutseka fulawa kuti asamwenso, kwachiwiri ndiko kumakhala pamwamba n'kuwala. Kupaka kawiri mopyapyala kumaposa kupaka kamodzi mochindikala, monga mmene zilili ndi penti pakhoma. Firiji ikuthandizaninso kulimbitsa majarini, zimene zili zofunika kwambiri m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala kuno ku Blantyre. Tsiku limene magetsi azima, ikani thireyi pamalo ozizira a m'nyumba mpaka kupaka koyambako kutasiya kumata chala.

Timabowo totulutsira nthunzi boolani mutatha kupaka, osati musanapake, apo ayi dzira lidzatitseka. Nthunzi ikasowa potulukira imaphulitsa payi m'mbali, komanso imanyowetsa khungu kuchokera m'kati, ndipo khungu lonyowa silifiira. Uvuni ikhale pa madigiri 200, mapayi akhalemo mphindi 25 mpaka 30. Ambiri amene mapayi awo amatuwa amaphika pa moto wa mabanzi kapena wocheperapo, kapena amadzaza mathireyi awiri nthawi imodzi mu uvuni yaing'ono, nthunzi n'kuchuluka. Zachikasu ziwiri ndi mkaka wake zimakwana mapayi 24 pa kupaka kamodzi kokwanira bwino. Kuti mupake kawiri, koyambako gwiritsani ntchito choyera chimene chatsala pomata m'mphepete, chifukwa chimatsala chambiri, kenako chachikasu chibwere pamwamba. Motero mazira awiri agwira ntchito yonse popanda kutaya kanthu.

Ngati mumapanga mapayi kapena masoseji rolo ndi fulawa wa magawomagawo uja wopinda ndi majarini, pali lamulo limodzi losaphwanyika: chopaka chisafike pa malo odulidwa ndi mpeni. Magawo aja amatseguka kuchokera m'mphepete, ndipo dzira likatsikirapo limawamata asanatseguke. Payi imatuluka yotupa mbali imodzi, mbali ina yophwatalala. Masikono nawo chimodzimodzi, pakani pamwamba pokha. Sikono yopakidwa m'mbali imakwera mopendama. Pa masikono ine ndimakonda mkaka, chifukwa amapsa pa moto waukulu, madigiri 200 mpaka 220, kwa mphindi 12 kapena 15 zokha, ndipo khungu lofewa losawala kwambiri ndilo limawayenera.

Buledi wa m'chitini ndi wosiyananso, chifukwa amakhala mu uvuni mphindi 30 mpaka 40, ndipo mutu wake umayandikira moto wa pamwamba. Chachikasu pa buledi wotere chimada kwambiri nthawi isanakwane. Mkaka kapena madzi okha n'zokwanira. Buledi wolukaluka wa pa zikondwerero, amene muli mazira ndi majarini, ndiye amayenera dzira lathunthu, ndipo akafiira msanga mumaphimba pamwamba ndi pepala la foyilo mosakanikiza kwa mphindi zotsalazo. Mukafuna kuwaza chitowe, choyera ndicho chimagwira bwino njerezo. Wazani pomwepo chisanaume. Pa mkaka chitowe chimayoyoka banzi likangolowa m'pepala.

Kwa amene amaphika pa mbaula, mumphika wokhala ndi makala pansi ndi pa chivundikiro, malangizo amasinthako. Mumphika nthunzi ilibe kothawira, ndiye dzira siliuma msanga ndipo siliwala monga mu uvuni. Kenako nthunzi ikatha, makala a pa chivundikiro ali pafupi kwambiri ndi mabanzi, ndipo chachikasu chimapserera pakati pomwe m'mbali mukadali motuwa. Pamenepa dzira n'kungoliwononga. Pakani mkaka, makala a pamwamba muwayale mozungulira m'mphepete mwa chivundikiro osati kuwaunjika pakati, ndipo potsegula musapendeketse chivundikiro pamwamba pa mabanzi, chifukwa madzi a nthunzi akadonthera amasiya mawanga oyera.

Kuwala kumene ndinalonjeza kuja kumapezeka mabanzi akatuluka. Majarini wosungunula wopakidwa pa mabanzi otentha amapereka khungu lofewa ndi kuwala kodekha, ngakhale kumachepa akazizira. Kuwala kwenikweni kumabwera ndi madzi a shuga: masupuni atatu a shuga ndi masupuni atatu a madzi, muwiritse mphindi imodzi kapena ziwiri, mupake mabanzi akangotuluka. Koma kwa inu amene mumanyamula katundu kupita naye m'tauni, chenjerani ndi madzi a shugawa. Shuga amakoka chinyezi, ndipo nthawi ya dzinja kapena masiku a chiperoni mabanzi otere amanata m'pulasitiki, khungu n'kutsalira pa pepala kasitomala akamatsegula. Khungu la dzira silichita zimenezi bola mabanzi azizire kotheratu asanalowe m'pepala. Ili ndilo phindu la dzira limene wogulitsa ayenera kuliwerengera pamodzi ndi mtengo wake. Banzi lililonse lotsekeredwa lili lofunda limachita thukuta, ndipo kuwala kumatha ngakhale munapaka bwino chotani. Dzira laiwisi musapake pa chinthu chimene chatuluka kale mu uvuni, chifukwa kutentha kotsalako sikukwanira kulipsetsa, ndipo mungadwalitse anthu m'mimba.

Pa mkaka, wa ufa umagwira ntchito bwinobwino. Sungunulani monga mwa kumwa, musefe kuti pasakhale timibulu, chifukwa kam'bulu kalikonse kamasanduka kadontho kakuda. Mukaukhathamiritsa ufawo, shuga wa mu mkaka amachuluka ndipo mtundu umadera. Mkaka wokhuthala wotsekemera wa m'chitini umapserera msanga kwambiri, usiyeni. Mazira a nkhuku zachikuda ndi aang'ono, choncho chepetsani mkaka ufike pa masupuni aang'ono awiri pa dzira limodzi. Chachikasu chake nthawi zambiri chimakhala chakuya mtundu chifukwa cha masamba ndi zina zimene nkhukuzo zimatola, ndipo pa mapayi zimenezi zimaoneka.

Mauvuni amasiyana, ndiye musanasinthe kaphikidwe ka katundu yense, yesani pa thireyi imodzi. Yalani mabanzi 12 m'mizere inayi. Mzere woyamba pakani mkaka wokha, wachiwiri choyera ndi madzi pang'ono, wachitatu dzira lathunthu ndi supuni ya mkaka, wachinayi chachikasu ndi mkaka. Dzira lina mulekanitse, lina likhale lathunthu, ndiye mazira awiri akwanira, zotsala mupakire mapayi tsiku lomwelo. Mizereyo iyende kuchokera kuchitseko kupita kumbuyo kwa uvuni, kuti chopaka chilichonse chilawe kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Musaweruze akangotuluka. Aziziritseni, muwaike m'pepala limene mumagulitsira, muwaone patatha maola atatu kapena anayi, chifukwa ndi mmene kasitomala wanu amawaonera. Mu uvuni yamagetsi ya panyumba, pa mabanzi a shuga wapakatikati, ndikuyembekeza kuti mzere wachitatu ndiwo udzakukondweretseni. Wachinayi ukada mopitirira, mwadziwa kuti moto wanu wa pamwamba ndi wamphamvu, ndipo ngakhale mapayi muziwaika pa shelefu ya pakati.

Dzira lomenya lisakhale pa tebulo kupitirira maola awiri, ndipo nyengo yotentha ola limodzi lokha. Lotsala livundikireni, liikeni mufiriji, ligwire ntchito mawa lake, osapitirira. Limene bulashi yake yakhudza nyama yaiwisi litayeni tsiku lomwelo. Bulashi muyambe kuitsuka ndi madzi ozizira, chifukwa otentha amapsetsa dzira m'kati mwa ubweya wake n'kuulimbitsa, kenako mutsuke ndi sopo ndi madzi ofunda, muiyanike iume isanalowe m'kabati. Ndipo popeza pali anthu ena, makamaka ana, amene thupi lawo limadana ndi mazira kapena mkaka, kasitomala akafunsa muzimuuza kuti pamwamba pa banzi kapena payi mwapakapo chiyani, ngakhale mu fulawamo simunaikemo dzira.